Laputopu ikutentha mpaka kuzima yokha

"Fani ya laputopu yanga ikusokosa kwambiri, kenako makina akuzima okha. Ndichite chiyani?"

Yambani mwayeza kutentha kwa purosesa, ubongo wa laputopu, ndi pulogalamu ya HWMonitor. Purosesa zambiri zimadziteteza zikafika pafupi ndi madigiri 100 a Celsius. Kutentha kukamakwera msanga kudutsa 90 pa ntchito yopepuka, mpweya watsekeka kapena pesiti, phala lopaka pakati pa purosesa ndi chitsulo choizizitsa, wauma.

Zimitsani, zulani chaja, tsegulani pansi ndipo mulumule batire musanakhudze china chilichonse. Fumbi lenileni silikhala pamapiko a fani ayi, limaundana ngati bulangete pakati pa fani ndi tizitsulo totulukira mpweya. Chotsani fani, mupukute pamenepo ndi kaburashi kofewa. Popemerera mpweya gwirani mapiko ndi chala, chifukwa akazungulira mopitirira muyeso beringi imawonongeka.

Ikapitiriza kutentha, masulani chitsulo chozizitsira purosesa motsatira manambala a masikuluwu. Pukutani pesiti wakale mbali zonse ziwiri ndi mowa wa isopuropilo wa 90 peresenti, mudikire ziume. Dontho laling'ono la pesiti watsopano ngati njere ya mpunga pakati pa purosesa likwanira. Bwezerani chitsulocho, mangani masikuluwu modumphanitsa, pang'onopang'ono, kuti pesiti afalikire mofanana. Mukanyamulanso chitsulocho, pakani watsopano. Chonde musaiwale kulumikizanso waya wa fani, chifukwa mukauiwala makina azimanso m'mphindi zochepa.