Kufufuza nyumba musanagule ku Joni

Abale amene mukugula nyumba kuno ku Joni, musapereke dipoziti musanafufuze ku Deeds Office, ofesi ya boma yosunga zikalata za umwini wa malo ndi nyumba. Tengani nambala ya puloti, ija amati erf, ndi dzina la dera, chifukwa adiresi ya msewu payokha imatha kusokeretsa. Chikalata chimene mungalandire chimaonetsa mwini wake weniweni, ngongole ya kubanki imene nyumbayo inaikidwa chikole, komanso ngati khoti linaletsa kuigulitsa.

Dzina lifanane ndi la pachiphaso cha wogulitsayo. Mukapeza maina awiri, monga mwamuna ndi mkazi, onse asaine. Ngati mwiniyo anamwalira, mwana wake sangagulitse popanda kalata yochokera kwa Master of the High Court, ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye, ngakhale akhale m'nyumbamo zaka 20.

Koma ngongole ya madzi ndi magetsi simuiona m'chikalata cha ku Deeds Office. Imeneyo funsani kukhonsolo.