Mbewu ya chimanga inayamba kugulika nditawauza ayese ya m'nkhokwe

Mvula ikamayandikira, alimi ankadutsa sitolo yanga osaima. Ambiri ankati mbewu yosunga chaka chatha ilipo kale, ndiye agulirenji ina.

Ndinasiya kuyamikira katundu wanga. Wina akaima, ndimati: "Bambo, musagule kaye. Tengani njere 100 za m'nkhokwe mwanu, muzikulunge m'chiguduli chonyowa, muziwazako madzi kwa sabata imodzi, kenako muwerenge zomera. Zikapitirira 85, bzalani yomweyo."

Ena anapezadi kuti mbewu yawo ili bwino ndipo sanagule. Koma amene anasunga chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe anapeza kuti theka lokha ndiye lamera, ndipo anabwera okha. Apo ndi pamene ndinkawauza zoti haibulidi ukaibzala kachiwiri zokolola zimatsika ngakhale imere bwino.

Za feteleza ndimawaonetsa ndi chitsekerero cha botolo: wokulitsa athiridwe m'kadzenje masentimita 5 kuchokera pa njere, nkukwirira, chifukwa akakhudzana amawotcha mbewu. Amene sanagule mbewu aja, feteleza anadzagula kwa ine.