Akaunti ya Facebook ya malemu yabedwa: momwe mungaitsekere akuba asanadyere abale

Amalume anga anatisiya m'mwezi wa Meyi. Pofika Okutobala, akaunti yawo ya Facebook inayamba kulankhula. Wolembayo sankadzitcha amalume ayi, ankadziwa kuti aliyense anamva za maliro. Ankalemba ngati azakhali, mkazi wa malemu, kuti banja likusonkha ndalama za chiliza, ndipo ankapereka nambala yotumizirako. Msuweni wathu wa ku Joni anatumiza K80,000 asanafunse munthu. Tinadziwa pomwe anaimbira azakhali kufunsa ngati ndalamayo yafika, iwo n'kuyankha kuti, "Ndalama yanji, mwanangu?"

Ntchito yotseka akauntiyo inagwera ine, ndipo apa ndikulemba momwe ndinayendera. Chinthu chimodzi muchidziwiretu: musataye nthawi kufuna kulowa mu akaunti ya malemu. Facebook sipereka pasiwedi ya munthu kwa wina aliyense, ngakhale mkazi wake kapena mwana wake. Chomwe mungapemphe n'chakuti akauntiyo itsekedwe kuti pasapezeke wolowamo, kapena ichotsedwe.

Yambani ndi kuona ngati yabedwadi. Nthawi zambiri anthu amati akaunti yahakidwa pomwe wakuba wangotsegula ina yatsopano, n'kuikapo dzina ndi chithunzi cha malemu. Tsegulani uthenga womwe wabwera, dinani pa dzina, muone tsamba lake. Mukapeza zithunzi zakale, ndemanga za anthu za zaka zapitazo, mauthenga achipepeso a nthawi ya maliro, ndiye kuti ndi akaunti yeniyeni ndipo wina walowamo. Mukapeza zithunzi ziwiri zitatu zoikidwa tsiku limodzi ndi anzake ochepa, imeneyo ndi yonamizira. Yonamizirayo siivuta: dinani timadontho titatu pa tsambalo, sankhani Report profile, munene kuti ikunamizira munthu wina, ndipo uzani abale angapo achitenso chimodzimodzi. Zomwe zikutsatirazi ndi za akaunti yeniyeni.

Musanadandaule kulikonse, sungani umboni. Jambulani sikirini ya uthenga uliwonse wopempha ndalama, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yomwe yaperekedwa, ndi tsiku lake. Amene anatumiza ndalama asafufute uthenga wotsimikiza, chifukwa muli nambala ya malipirowo ndi dzina lomwe linalandira. Kenako koperani linki ya tsamba la malemu, imapezeka pa timadontho titatu tomwe tija. Ichi chitani tsiku lomwelo. Wakuba akazindikira kuti mwamutulukira amakutsekerani kunja kapena kusintha dzina la akaunti, ndiye popanda linki mumavutika kuipezanso.

Chenjezani abale, koma osati polemba pa tsamba la malemu, poti wakubayo afufuta. Ife tinalengeza pa gulu la banja la WhatsApp, pa tsamba langa, komanso kutchalitchi kwa amalume Lamulungu lotsatira.

Tsopano simukhadi. Funsani kuti foni ya malemu ili kuti, ndipo nambala yawo ili m'manja mwa ndani. Wofuna kusintha pasiwedi ya Facebook amangofunika manambala achinsinsi omwe amatumizidwa pa foni kapena pa imelo ya mwini akaunti, choncho amene ali ndi simukhadi ali ndi kiyi. Kwathu, foni ya amalume inagulitsidwa mwezi wachitatu kuti tilipire ngongole za maliro, ndipo palibe anakumbukira kutulutsa simukhadi kapena kufufuta zam'katimo. Kwa ena, nambala imakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani n'kuipereka kwa munthu wina. Ngati simukhadi ikadalipo pakhomo, isungeni bwino, musabwereke aliyense. Ngati inapita, pitani ku ofesi ya kampani ya foniyo ndi chiphaso chanu cha unzika komanso umboni wa imfa, mukapemphe kuti nambalayo itsekedwe.

Musanapemphe kuti akaunti itsekedwe, dandaulani za zolemba zonse zomwe wakuba anaika pa tsambalo, chimodzi ndi chimodzi, kuti ndi zachinyengo. Chifukwa chake n'chakuti akaunti ikatsekedwa n'kusandutsidwa chikumbutso, zomwe zili pa tsamba zimatsala momwemo, ndipo ngati malemu sanasankhe munthu woyang'anira, yemwe pa Facebook amalembedwa Legacy contact, palibe angasinthe kanthu. Simungafune kuti nambala ya mbava ikhale pa tsamba la bambo anu mpaka kale.

Fomu yake imapezeka mu Help Center ya Facebook. Itseguleni pa Chrome kapena pa kompyuta, chifukwa pa Facebook Lite ine ndinavutika kuika zithunzi za mapepala. Gulani bandulo wamba, osati wa Facebook yokha, kuti isakuthereni panjira. M'malo ofufuzira lembani Memorialization request. Adzafuna linki ya akaunti ija, tsiku lomwe munthuyo anamwalira, umboni wa imfa ndi imelo yanu. Ikani imelo yomwe mumatseguladi, poti yankho limabwera kumeneko, nthawi zina m'bokosi la Spam. Fomuyi ndi yaulere.

Akavomera, pafupi ndi dzina la malemu pamabwera mawu akuti Remembering, ndipo kuyambira pamenepo palibe angalowenso mu akauntiyo, ngakhale amene ali ndi pasiwedi. Zithunzi zimakhalapo, koma anthu salandiranso uthenga wowakumbutsa za tsiku lobadwa la malemu. Kuchotseratu akaunti ndi pempho lina, ndipo kumafuna kuti musonyeze kuti ndinu wapabanja weniweni kapena woyendetsa chuma cha malemu. Setifiketi ya imfa ndiyo imafulumiza zinthu. Popanda iyo amafuna mapepala awiri, lina losonyeza imfa ndi lina losonyeza mphamvu zanu, monga wilo kapena kalata ya khoti. Ife tinasankha chikumbutso chifukwa azakhali ankafuna zithunzi za ukwati wa mwana wawo zisatayike. Kambiranani kaye pabanja, chifukwa yochotsedwa siibwerera.

Apa ndiye pomwe ndinagwa, ndipo ndikhalapo pang'ono. Ndinatumiza setifiketi ya imfa yochokera ku National Registration Bureau, yooneka bwino, ndili ndi chikhulupiriro kuti zatheka. Yankho linabwera lakuti sanathe kutsimikiza kuti pepalalo ndi la mwini akauntiyo. Ndinakwiya, ndinatumizanso pepala lomwelo, yankho n'kukhala lomwelo. Kachitatu ndiye ndinakhala pansi n'kuika foni ndi setifiketi pamodzi. Vuto linali langa, ndinalephera kuwerenga zomwe fomu inanena poyera, zoti zolembedwa pa pepala zigwirizane ndi zomwe zili pa akaunti. Pa setifiketi panali dzina la ubatizo ndi dzina la bambo awo, monga zilili pa chiphaso cha unzika. Pa Facebook amalume ankagwiritsa ntchito dzina lomwe ankatchuka nalo ku bwalo la mpira, n'kuphatikiza chiwongo chawo. Ife tonse tinkadziwa kuti ndi munthu mmodzi. Wowerenga fomu ali kutali, sanawaonepo amalume, akuona mayina awiri osafanana ngakhale pang'ono. Ndipo sangatseke akaunti chifukwa cha pepala la munthu wina, apo ayi aliyense akanamatseketsa akaunti za adani ake amoyo.

Chomwe chinandipulumutsa ndi pulogalamu ya mwambo wa maliro. Facebook imalandira chilengezo cha imfa kapena khadi la chikumbutso ngati umboni, ndipo pulogalamu yathu inali ndi zonse: mayina a pa chiphaso, dzina la ku mpira lija pansi pake, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira, ndi chithunzi chomwecho chomwe chinali pa akaunti, poti amene anasindikiza anachitenga pomwepo. Ndinatumiza pulogalamuyo pamodzi ndi setifiketi, n'kufotokoza mwachidule m'Chingerezi kuti dzina la pa akaunti ndi lotchukira, ndipo akauntiyo yalowedwa ndi munthu amene akupempha ndalama. Patapita masiku angapo mawu a Remembering anaoneka. Masabata awiri omwe ndinataya potumiza pepala limodzi kawiri, wakubayo analembera anthu ena asanu ndi mmodzi, ndipo zimandiwawabe.

Ndiye musanatumize, yerekezani dzina ndi tsiku lobadwa. Anthu ambiri anatsegulitsa akaunti kwa mnyamata wa pa msika yemwe anangolemba tsiku lililonse. Ngati wakuba wasintha kale dzina, nenani dzina lakale ndipo onjezani chithunzi cha sikirini chosonyeza zakale. Pojambula pepala, liyaleni pa tebulo masana, makona anayi onse aoneke, ndipo phimbani nambala ya chiphaso chifukwa safuna imeneyo. Foni imakwana, musalipire zosikana.

Mukangolengeza za vutoli, adzabwera anthu okulonjezani kuti amabweza maakaunti. Wina anandiuza kuti K30,000 basi, theka lake pasadakhale, komanso ndimutumizire chithunzi cha chiphaso cha malemu. Musayerekeze. Ndalama ipita, ndipo chiphasocho ndi chomwe akatsegulire zinthu zina m'dzina la m'bale wanu. Ena amabwera m'ndemanga ndi linki ya "katswiri", onsewo ndi amodzi.

Ngati m'bale wanu ali moyo koma sangathe kulankhula kapena kugwira foni, monga wodwala sitiroko, musanene kuti wamwalira pofuna kufulumiza. Pali fomu ina yotchedwa Special request for medically incapacitated or deceased person's account, yomwe mungapemphere kuti akaunti ichotsedwe, ndipo konzani kalata ya dokotala ndi pepala losonyeza kuti ndinu womuimira. Ngati wodwalayo akumva ndipo angavomere ngakhale pogwedeza mutu, khalani naye limodzi ndi foni yake mutsegule facebook.com/hacked, njira imeneyo ndi yachidule.

WhatsApp imayendera nambala. Ngati simukhadi muli nayo, lembetsani nambalayo pa foni ina, lowetsani manambala 6 obwera pa uthenga, wakuba atuluka yekha. Akakhala kuti anaikapo PIN, mudikira masiku 7. Mukalowa, yang'anani Linked devices mutulutse zonse. Ngati simukhadi mulibe, mutulutseni wakubayo m'magulu onse a banja, aliyense adine Report ndi Block.

Za ndalama, wotumizayo aimbire kampani yake tsiku lomwelo ndi nambala ya malipiro ija, kenako mupite ku polisi ndi zithunzi zosindikiza. Kulowa mu akaunti ya wina popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Ya msuweni wathu inali itatapidwa kale pomwe tinkaimba. Ngati malemu anali ndi Instagram, ilinso ndi fomu yakeyake ya chikumbutso, tumizani mapepala omwewo.