Musanatchule tsiku la difensi, yambani ndi ekizamina wakunja

Inu amene mukukonza tsiku loteteza fesisi kuno ku Lilongwe, musayambe ndi kusungitsa chipinda. Yambani ndi ekizamina wakunja, woyesa wochokera ku yunivesite ina, chifukwa iyeyo ndiye amayenda ulendo ndipo nthawi yake ndiyo yovuta kuipeza. Mupempheni masiku atatu amene angathe kubwera, kenako muwatumize masikuwo kwa supavaiza, ekizamina wam'kati ndi wapampando kuti asankhepo limodzi. Mukafunsa aliyense kuti "muli ndi mpata liti", mayankho sagwirizana ndipo mwezi umatha mukungotumizirana mauthenga.

Tiyerekeze kuti ekizaminayo akuchokera ku Zomba ndipo difensi ili ku Bunda. Ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 300, ndiye asanyamuke m'mawa wa tsiku lomwelo. Afike dzulo lake, agone m'tauni, galimoto idzamutenge 7 koloko pa difensi ya 9 koloko, poti Bunda ili kunja kwa mzinda. N'chifukwa chake Lolemba silabwino: munthu ayenda Lamulungu, maofesi ali otseka, ndipo za mafuta kapena malo ogona zikasokonekera palibe wozikonza. Kalata yopempha ndalama za ulendo ipite kuofesi ya zachuma kukadali masabata atatu.

Chipinda musungitse maola anayi, osati awiri, popeza wophunzira akatuluka oyesa amatsala kukambirana. Pulojekita muiyese dzulo lake ndi laputopu yomwe idzagwire ntchitoyo, chifukwa malaputopu ambiri atsopano ali ndi HDMI yokha pamene mapulojekita akale amafuna VGA. Funsaninso ngati chipindacho chimalandira magetsi a jenereta, ndipo masilaidi musindikize makope okwanira oyesa onse.