Momwe mungawerengere ndalama za olembetsa zimene zidzalowe kotala ikubwerayi

Ngati bizinesi yanu imadalira anthu olembetsa amene amalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndalama za miyezi itatu ikubwerayi mungazidziwiretu ndithu, osati molota. Zimachokera ku zinthu zitatu: amene muli nawo lero, amene adzasiye, ndi atsopano amene adzalowe. Masamu ake ndi ochepa. Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi kuika olembetsa onse mu gulu limodzi n'kuwapatsa peresenti imodzi ya osiya, pamene magulu awo sasiya mofanana.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto, m'madola, ndipo inu mudzaikamo ndalama ndi manambala anu.

Yambani ndi amene akulipiradi

Tulutsani mndandanda wa olembetsa monga ulili pa tsiku lomaliza la kotala imene ikutha. Chotsanimo onse amene ali pa nthawi yoyesera yaulere, amene munawapatsa mwaulere, ndi maakaunti a antchito anu. Mapulogalamu ena olipiritsira amawerenga oyesera ngati makasitomala ndipo nambala ya pa tsamba loyamba imaoneka yonenepa, choncho musakhulupirire nambala imeneyo musanatsegule mndandanda weniweni. Ndalama zolipira kamodzi kokha, monga za kulumikiza kapena za maphunziro, nazonso zikhale kunja, chifukwa sizidzabweranso mwezi wamawa.

M'chitsanzo chathu mwatsala anthu 1,200. Mwa iwo, 900 amalipira madola 20 pamwezi, zimene zikupereka 18,000. Otsala 300 analipira madola 192 a chaka chonse. Ndalama ya pachaka muziigawa ndi 12, ndiye aliyense ndi madola 16 pamwezi, onse pamodzi 4,800. Poyambira panu ndi madola 22,800 pamwezi. Iyi ndi nambala imene mapulogalamu ambiri amailemba kuti MRR. Gwiritsani ntchito mtengo umene munthu akulipiradi, osati wolembedwa pa tsamba la mitengo. Amene munamutsitsira mtengo ndipo akulipira 15, muwerengereni 15.

Osiya: apa ndi pofunika kudekha

Njira yachidule imene ambiri amatsata ndi iyi: mwezi watha anasiya anthu 53, olembetsa onse ndi 1,200, ndiye osiya ndi 4.4 peresenti pamwezi. Nambalayi ikuoneka yabwinobwino, koma yabisa zinthu ziwiri zimene zidzakutulukirani m'kati mwa kotala.

Choyamba, munthu amene walipira chaka chonse sangasiye mwezi uliwonse. Mpata wosiya amaupeza kamodzi pachaka, mwezi umene nthawi yake yatha. Mukamuphatikiza pa chiwerengero chogawira m'miyezi ina 11, akungochepetsa peresenti yanu popanda chifukwa. M'chitsanzochi, mwezi wathawo panalibe wa pachaka aliyense amene nthawi yake inakwana, ndiye anthu 53 aja onse anachokera mwa 900 olipira pamwezi.

Chachiwiri, ngakhale 900 amenewo si amodzi. Munthu amene walipira kamodzi kokha sanakhazikike. Analowa kuti aone, ndipo ikafika nthawi yolipira kachiwiri ambiri amaleka. Amene walipira kangapo wazolowera, ndipo sachoka msanga. Tiyerekeze kuti mwagawa ndipo mwapeza kuti mwa okhazikika 820 anasiya 41, imene ndi 5 peresenti, pamene mwa atsopano 80 anasiya 12, imene ndi 15 peresenti. Kusiyana koteroko sikuoneka mukawasakaniza, ndipo kumakula mukayamba kutsatsa malonda mwamphamvu, chifukwa gawo la atsopano likamakula osiya amachuluka ngakhale ntchito yanu isanasinthe.

Pogawa, chogawira chikhale anthu amene analipo pa tsiku loyamba la mwezi, osati amene alipo kumapeto. A kumapeto aphatikizamo olowa kumene amene sanafike n'komwe pa tsiku lolipiranso. Ndipo musadalire mwezi umodzi. Werengani miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, uliwonse pawokha, muone ngati peresenti ikuima pamodzi kapena ikukwera. Ikakhala kuti ikukwera, tengani ya miyezi itatu yomaliza. Gulu likakhala laling'ono, la anthu osafika 100, munthu mmodzi amasuntha peresenti yonse, choncho phatikizani miyezi ingapo: osiya onse kugawa ndi oyambira onse.

Pali osiya ena amene sanafune kusiya. Khadi latha nthawi, kapena mu akaunti munalibe ndalama pa tsiku lodula. Ena mwa amenewa amalipira patatha masiku ochepa pulogalamu ikayesanso kapena mukawakumbutsa. Khazikitsani lamulo limodzi, mwachitsanzo lakuti munthu wasiya pokhapokha patapita masiku 14 asanalipire, ndipo mulitsate miyezi yonse. Mukasintha lamuloli pakati, miyezi yanu sidzafanananso. Chizindikiro chakuti mukuwerenga msanga ndi pamene “obwerera” akuchuluka sabata yoyamba ya mwezi uliwonse.

Tsopano a pachaka. Awa simukuwapatsa peresenti ya pamwezi. Sanjani mndandanda wawo potsata tsiku limene nthawi yawo ikutha, muwerenge kuti mwezi uliwonse wa kotala ikubwerayi akukwana angati. Kawirikawiri sagawanika mofanana, chifukwa ambiri analowa nthawi imodzi pamene panali kutsitsa mitengo. M'chitsanzo chathu, mwezi woyamba akukwana 20, wachiwiri 120, wachitatu 20. Mbiri yanu ikuonetsa kuti 70 mwa 100 alionse amalipiranso. Ndiye mutaya 6, kenako 36, kenako 6, ndipo 300 aja atsika kufika 294, 258, 252. Ngati 120 aja analowa pa mtengo wotsika ndipo tsopano alipira mtengo wonse, yembekezani kuti olipiranso achepa kuposa 70 peresenti, ndipo itsitseni mwadala.

Atsopano

Nambala ya atsopano musaitenge pa chikhumbo cha a zamalonda. Itengeni pa zimene zakhala zikuchitika. Ngati pamwezi anthu 400 amayamba kuyesera ndipo 20 peresenti amafika polipira, atsopano ndi 80. Mukafuna kulemba 120, payenera kukhala chinachake chogwirika, monga ndalama zotsatsira zimene zavomerezedwa kale. Chenjeraninso ndi otsatsa amene amalonjeza olembetsa ambiri pa mtengo wotsika ndipo amalipidwa potsata mitu ya olowa. Anthu obwera motero nthawi zambiri salipira kachiwiri. Mukawagwiritsa ntchito, anthu awo muwaike pa mzere wawowawo mpaka mutaona mmene akusiyira. M'chitsanzochi tikuti atsopano onse 80 ndi olipira pamwezi, ndipo palibe wa pachaka watsopano chifukwa kutsitsa mitengo kuja sikubwerezedwa.

Ikani pa tebulo

Tsegulani Excel kapena Google Sheets. Mzere 2 ukhale poyambira, mizere 3, 4 ndi 5 ikhale miyezi itatuyo. Danga B ndi okhazikika, C atsopano a mwezi umenewo, D a pachaka, E a pachaka amene nthawi yawo ikutha, F ndalama za pamwezi. Pa mzere 2 lembani 820, 80 ndi 300 m'madanga B, C ndi D. Pa mizere 3, 4 ndi 5, mu danga C lembani 80 paliponse, ndipo mu danga E lembani 20, 120 ndi 20. Pa mzere 3 lembani izi, n'kukokera pansi:

```
B3: =B2*(1-0.05)+C2*(1-0.15)
D3: =D2-E3*(1-0.7)
F3: =(B3+C3)*20+D3*16
```

Fomula yoyamba ikunena kuti okhazikika a mwezi uno ndi okhazikika a mwezi watha amene atsala, kuphatikiza atsopano a mwezi watha amene alipira kachiwiri. Mwezi woyamba, 820 atsika kufika 779, ndipo mwa 80 aja atsala 68, onse 847. Powonjezera atsopano 80, olipira pamwezi ndi 927, ndalama zawo 18,540. A pachaka 294 akupereka 4,704. Mwezi woyamba ukutha pa madola 23,244.

Mwezi wachiwiri olipira pamwezi akufika pafupifupi 953, koma a pachaka agwa kufika 258, ndipo zonse pamodzi ndi 23,181. Onani kuti ndalama zatsika ngakhale mwalandira anthu 80 atsopano. Mwezi wachitatu olipira pamwezi ndi 977, a pachaka 252, ndalama 23,572. Tizigawo ta munthu timene tebulo likutulutsa, monga 872.65, tisiyeni choncho mpaka kumapeto.

Yerekezani ndi njira yachidule ija. Mukachotsa 4.4 peresenti pa onse n'kuwonjezera 80 mwezi uliwonse, mumathera pa anthu pafupifupi 1,278, ndipo pa madola 19 amene munthu mmodzi amalipira mukagawa mofanana, mupeza zoposa 24,200. Mwadziwonjezera pafupifupi madola 700 pamwezi amene kulibe, ndipo kutsika kwa mwezi wachiwiri simukuona n'komwe. Anthu amene asowa pakati pa mawerengedwe awiriwa ndi pafupifupi a pachaka 48 aja.

Tebulo likupatsani mayankho awiri, ndipo muzinena kuti mukupereka liti. Ndalama za kotala yonse ndi kuphatikiza miyezi itatu, pafupifupi madola 70,000. Pamene mukuthera kotala ndi 23,572 pamwezi. Zonse ziwiri si ndalama zimene zidzaoneke ku banki. Mwezi wachiwiri, anthu 84 olipiranso chaka adzapereka madola 16,128 nthawi imodzi, akaunti idzaoneka yodzaza m'mwezi womwe bizinesi yachepa. Za ku banki zikhale ndi tebulo lakelake.

Yesani posintha manambala

Sinthani nambala imodzi nthawi imodzi. Osiya okhazikika akakwera kuchoka pa 5 kufika 6 peresenti, mwezi wachitatu mutaya anthu 24, pafupifupi madola 480. Atsopano akakhala 60 m'malo mwa 80, mutaya anthu 53, madola oposa 1,000. Pa miyezi itatu yokha, kuchepa kwa atsopano koteroko kumapweteka msanga, pamene osiya amadya pang'onopang'ono ndipo amaoneka bwino pa chaka. Perekani manambala atatu, lotsika, lapakati ndi lokwera, ndipo malipiro a antchito ndi ngongole muziyerekeze ndi lotsikalo.

Ngati makasitomala anu amakwera kapena kutsika mapulani, wonjezerani danga limodzi la kusintha kumeneko potsata miyezi yapitayo. Ngati mukukweza mtengo m'kotalayi, ikani mtengo watsopano kuyambira mwezi wake ndipo mukwezenso osiya a mwezi umenewo ndi wotsatira. Mwezi woyamba ukatha, lembani manambala enieni pambali pa oyerekeza, gulu lililonse palokha, muone gulu limene laphonya, mukonze peresenti yake yokhayo, miyezi iwiri yotsalayo iwerengekenso.