Momwe mungalembere imelo yopepesa katundu wa kasitomala akafika mochedwa komanso atasweka

Tiyerekeze kuti mumagulitsa ziwiya ku Lilongwe. Mayi wina wa ku Mzuzu wagula makapu adothi 12, mwawauza kuti afika Lachitatu, koma katoni yafika Loweruka ndipo makapu anayi ndi osweka. Mayiwo alemba imelo yodandaula. Nazi zoyenera kuchita.

Choyamba, yankhani tsiku lomwelo, ndipo dinani `Reply` pa imelo yawo yomweyo kuti nkhani yonse ikhale pamodzi. Ngati sanatumize zithunzi, apempheni chithunzi cha makapu oswekawo ndi cha katoni, koma muwauze chifukwa chake: mukufuna kukaonetsa amene ananyamula katunduyo. Mukapempha osafotokoza, iwo amamva ngati mukuwakayikira.

Chachiwiri ndi chimene ndikufuna muchimvetsetse. Musalonjeze m'kalatamo tsiku limene katundu afike musanagwire ndi manja anu makapu amene mukatumize m'malo mwa oswekawo. Ine zinandivuta pamenepa. Amene ndinkaodako katundu ananditsimikizira pafoni kuti mtundu womwewo ulipo wambiri, ine n'kulembera kasitomala kuti alandira Lachisanu. Nditapita kukatenga ndinapeza kuti otsala ndi a mtundu wina, obiriwira pomwe kasitomala anagula oyera, ndipo akuluakulu pang'ono. Munthu amakhululuka kuchedwa koyamba, koma mukaphonya tsiku limene mwalonjeza m'kalata yopepesa, sakhulupiriranso chilichonse chimene mungalembe. Ogulitsa ena pafoni amangoti "zilipo, bwerani" kuti musapite kwina, choncho pitani mukaone, kapena akujambulireni katunduyo nthawi yomweyo. Mukatero funsani onyamula katundu masiku amene galimoto yawo imanyamuka, ndipo pa tsiku limene akuuzani muwonjezerepo limodzi. Ngati makapuwo simunawapeze, lembanibe tsiku lomwelo kuti mwalandira dandaulo ndipo mupereka tsiku lenileni mawa.

Chachitatu, lembani kalatayo. Ikhale yaifupi, yotchula zinthu ndi mayina ake. Mawu oti "pepani chifukwa cha zovuta zilizonse" sanena kanthu. Tchulani masiku ndi chiwerengero cha makapu kuti aone kuti mwawerenga zimene analemba. Pamwamba muike dzina lawo pambuyo pa "Mayi" kapena "Bambo".

"Mayi, zikomo chifukwa chotidziwitsa komanso chifukwa cha zithunzi. Pepani kwambiri kuti makapu anu, amene tinati afika Lachitatu, afika Loweruka, ndiponso anayi mwa makapu 12 aja afika osweka. Udindo woti katundu akufikeni bwino ndi wathu. Makapu ena anayi a mtundu womwewo tili nawo kale pano. Tiwatumiza Lolemba ndipo akufikani pofika Lachitatu. Simulipira chilichonse, ngakhale ndalama yotumizira, ndipo oswekawo musavutike kutibwezera. Ngati mungakonde kuti tikubwezereni ndalama ya makapu anayiwo m'malo mwake, tiuzeni, titumiza lero pa Airtel Money kapena Mpamba. Pepani ndithu."

Pansi pake lembani dzina lanu ndi nambala yanu ya foni, osati dzina la bizinesi lokha.

Onani kuti m'kalatamo mulibe nkhani ya dalaivala kapena ya msewu. Mwina n'zoona kuti katoni inaponderezedwa ndi matumba ena m'galimoto, koma mayiwa ndalama anapereka kwa inu. Mlandu wanu ndi onyamula katundu mukaukambe panokha, risiti ili m'manja. Ndipo pa nkhani ya onyamulawa, kupatsira kondakitala wa minibasi katoni n'kotchipa ndithu, koma sapereka risiti, ndiye zikasweka mulibe pogwira.

Za kubweza zosweka, werengerani kaye. Ndalama yotumizira zidutswa za makapu kuchoka ku Mzuzu ndi yongotaya. Koma chikakhala chinthu chodula ngati ketulo yamagetsi, muuzeni kasitomala kuti achibweze ndipo yotumizira mulipira ndinu. Ena amawonjezera kuchotsera mtengo pa oda yotsatira. Sindiletsa, bola chisalowe m'malo mwa katundu amene munthu analipira kale.

Zotsalazo n'zachidule. Kulungani kapu iliyonse payokha m'nyuzipepala, dzazani mipata kuti katoni isachite phokoso mukaigwedeza. Mukatumiza, jambulani risiti n'kuitumiza pa imelo yomwe ija, ndipo Lachitatu madzulo muwaimbire foni mayiwo kufunsa ngati makapu onse anayi afika bwino.