Mawu a patsamba ankathawitsa alendo ku Senga Bay

Achemwali anga ali ndi nyumba yogona alendo ku Senga Bay, zipinda 6. Anthu ankalowa patsamba lawo la pa intaneti, koma foni inangoti zii. Tinasintha zithunzi, tinatsitsako mtengo, osaphula kanthu.

Ndiye ndinawapatsa mlamu wanga foni kuti awerenge mokweza ngati mlendo wochokera ku Lilongwe. Atamaliza anafunsa kuti, "Nanga chipinda ndi ndalama zingati, ndipo ndiimbire ndani?" Mtengo sunalembedwe paliponse, nambala inabisala pansi penipeni.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi mawu okokomeza. Tinalemba kuti "pagombe penipeni", chonsecho ndinayenda ndekha ndi wotchi, mphindi 7 kukafika kunyanja. Mlendo wonamizidwa amakadandaula pagulu, ena n'kuwerenga. Ndinalemba mphindi 7 zomwezo. "Magetsi nthawi zonse" ndinasintha kukhala "magetsi akazima, sola imayatsa mababu ndi kutchaja foni, koma fani siizungulira". Achemwali anakana poyamba, ati tikudzichotsera malonda.

Pamwamba ndinasiya batani limodzi lokha: "Sungitsani chipinda pa WhatsApp", mitengo ili pambali pake. Ndalama sindinawononge, kupatula bandulo. Tsopano mauthenga amabwera atatchula kale tsiku ndi chipinda chimene akufuna.